Mayankho a kafukufuku abwera ngati uthenga wamba, tiwasandutse bwanji tebulo

Nkhani yake ndi iyi. Munatuma anyamata atatu kukafunsa alimi 60 mafunso asanu, ndalama ya matabuleti panalibe ndiye munangogwirizana kuti akamaliza ndi munthu azilemba mayankho pa WhatsApp nkutumiza. Pano zonse zafika, mwazikopa, zili mu fayilo imodzi yaitali ngati kalata, abwana akufuna kudziwa kuti pakhomo pamodzi anakolola matumba angati. Zomwe muli nazo zikuoneka chonchi:

```
Q1. Boma: Dedza
Q2. Anthu pakhomo: 6
Q3. Matumba a chimanga: 12
Q4. Mbewu zina: soya, mtedza
Q5. Vuto lalikulu: awiri: fetereza ndi mvula

Q1. Boma: dedza
q2 Anthu pakhomo : asanu
Q4. Mbewu zina: mbatatesi ndi nyemba
Q5. Vuto lalikulu: mbozi
zinaononga munda wonse
```

Komwe tikupita ndi tebulo loti munthu mmodzi ali ndi mzere umodzi, funso lililonse lili ndi kolamu yake, ndipo mu selo iliyonse muli chinthu chimodzi basi. Ndigwiritsa Excel, koma mafomula onsewa amayendanso pa Google Sheets.

Ndiyambe ndi chomwe musachite, chifukwa aliyense amayamba kuganiza chimenechi. Mumati mafunso ndi asanu, ndiye ndizingotenga mizere isanuisanu nkumaigoneka ndi Transpose. Taonaninso munthu wachiwiri uja, alibe Q3. Mukawerenga mizere isanu, mbatatesi zake zikagwera mu kolamu ya matumba, ndipo ngati mwachita ndi fomula yowerenga mizere ndiye kuti aliyense wobwera pambuyo pake wasunthira mbali, boma la wina lalowa mmayankho a mnzake, mpaka kumapeto. Choipa nchoti palibe chofiira chomwe chimatuluka pa sikirini, tebulo limangooneka lodzaza bwinobwino. Ndiye ife sitidalira malo omwe mzere uli ayi. Mzere uliwonse tiyamba taupatsa zinthu ziwiri, nambala ya munthu ndi nambala ya funso, kenako tebulo lizikafunafuna yankho ndi zimenezo.

Kupesta

Tsegulani fayilo yatsopano, mupange shiti muitche `zoyamba`. Musanapeste kalikonse dinani kolamu A yonse muisinthe kukhala `Text` pa kabokosi kamene kamalembedwa `General`. Mukapanda kutero, mzere uliwonse woyamba ndi `-` kapena `+` kapena `=` Excel amauyesa fomula nkukupatsani `#NAME?`, ndipo anthu pa foni amakonda kuyamba mzere ndi kamzere aka. Pestani pamenepo. Shiti imeneyi musadzaigwirenso, ndi umboni wanu tsiku lomwe wina adzafunse kuti nambala iyi munaitenga kuti. Pangani ina muitche `mizere`, kolamu A ikhalenso `Text`, mukopere zomwezo kuyambira pa A2, mzere woyamba ukhale wa mitu. Makolamu enawo asiyeni pa `General`, apo ayi mafomula azingooneka ngati mawu osawerengera.

Ngati munakopa mauthenga ambiri nthawi imodzi pa foni, uthenga uliwonse umabwera ndi tsiku, nthawi ndi dzina la wotumiza kutsogolo kwake, ndiye mzere wa Q1 suyambanso ndi Q. Mu shiti ya `mizere` dinani Ctrl+H, pa `Find what` lembani `*Q1`, pa `Replace with` lembani `Q1`, kenako `Replace All`. Kanyenyeziko kamatanthauza chilichonse chomwe chili kutsogolo. Pa Google Sheets kanyenyezi kokha sikagwira, mulembe `^.*Q1` ndi kuchonga `Search using regular expressions`.

Kutsuka ndi kupatsa mzere uliwonse dzina

Pa B2 timachotsa mipata yosafunika:

```
=TRIM(CLEAN(SUBSTITUTE(A2,UNICHAR(160)," ")))
```

`TRIM` amachotsa mipata ya kutsogolo ndi kumbuyo, koma pali kampata kena komwe kamabwera mukakopa pa intaneti kapena pa imelo, maso amakaona ngati mpata wamba koma `TRIM` sakakhudza, ndi kameneko ka 160. Mukadzaona Dedza akutuluka kawiri pa filita pamene zilembo ndi zofanana ndendende, wolakwa amakhala ameneyu. Komanso ngati Excel akukana fomula yonse ngakhale mwakopa bwino, mwina laputopu yanu inatcheredwa pa South Africa, kumeneko pakati pa fomula pamafunika `;` mmalo mwa `,` basi ingosinthani.

Pa C2 tikufuna nambala ya funso:

```
=IF(LEFT(B2,1)="Q",UPPER(LEFT(B2,2)),"")
```

Apa tili ndi mwayi omwe olemba chingerezi alibe. Mawu a Chichewa sayamba ndi Q, ndiye mzere woyamba ndi Q ndi funso ndithu, wina uliwonse ndi wopanda kanthu kapena ndi yankho lomwe lasefukira mzere wachiwiri. Mukanati mafunso anu ndi F1, F2 kutengera mawu oti funso, mzere woyamba ndi fetereza kapena fodya ukanayesedwa funso. Ine ngakhale fomu yonse ili mChichewa ndimasiya Q dala. Chenjezo limodzi, fomulayi imatenga zilembo ziwiri zokha, ndiye ngati mafunso anu apitirira 9, Q10 ndi Q11 aziwerengedwa ngati Q1 ndipo anthu anu 60 adzasanduka mazana. Zikatero sinthani kaye manambala akhale Q01, Q02 mpaka Q09, mutenge zilembo zitatu, ndipo paliponse pomwe ndalemba `"Q1"` mulembe `"Q01"`.

Pa D2, nambala ya munthu:

```
=COUNTIF(C$2:C2,"Q1")
```

Ikungowerenga kuti kuchokera pamwamba kufika pa mzere uno tadutsa ma Q1 angati. Tadutsa atatu, ndiye tili pa munthu wachitatu. Chizindikiro cha `$` chili pa 2 woyamba yekha, musachiike konse kuwiri, mukatero mizere yonse idzapereka nambala imodzi.

Pa E2 yankho lenileni:

```
=IF(C2="",B2,TRIM(MID(B2,FIND(":",B2)+1,500)))
```

Ikudula pa timadontho tiwiri toyamba nkutenga zonse za kutsogolo. Wina anganene kuti bwanji osangogwiritsa `Text to Columns`, nzoona ndiyachangu, koma imadula paliponse pomwe yapeza `:` ndiye yankho la munthu woyamba lija, "awiri: fetereza ndi mvula", lingaduke pakati, inu nkutsala ndi mawu oti awiri okha. Mzere womwe wofunsa anaiwala timadonthoto upereka `#VALUE!` ndipo zisiyeni zitero, musaphimbe ndi `IFERROR`, pitani pa kolamu A mukaike timadonthoto ndi manja. Imakhala mizere yowerengeka.

Pa F2 timalumikiza munthu ndi funso kukhala kiyi, pa G2 timaona ngati kiyiyo yabwera kangapo:

```
=IF(C2="","",D2&"_"&C2)
=IF(F2="","",COUNTIF(F:F,F2))
```

Kokerani mafomula onse asanu ndi limodzi mpaka mzere womaliza. Kudina kawiri pa kakona ka selo nthawi zina kumaima panjira pakakhala mizere yopanda kanthu, ndiye tsikani mukaone ngati afikadi pansi.

Apa ndi pomwe pali ntchito, musathamange

Musanapange tebulo funsani shitiyi mafunso atatu. Loyamba, anthu alipo angati, `=MAX(D:D)`. Tinene kuti yapereka 59 pamene anyamata akulumbira kuti anafunsa 60. Osayamba kuwakalipira. Ikani filita pa mzere wa mitu, pa kolamu G musankhe chilichonse choposa 1. Mupeza `23_Q2` kawiri, `23_Q3` kawiri, mpaka `23_Q5`. Tanthauzo lake nloti munthu wa 24 analembedwa opanda Q1, ndiye fomula yathu sinaone kuti tayamba munthu wina, yamuphatikiza ndi wa 23. Chotsani filita, pitani pamenepo, lowetsani mzere watsopano mulembe `Q1. Boma:` ndipo boma lake mufunse amene anamufunsayo, kenako kokeraninso mafomula kuchokera pamwamba. `MAX` ikhala 60.

Kolamu G yomweyi imagwiranso wofunsa amene analemba Q3 kawiri, yachiwiriyo ikuyenera kukhala Q4. Chomwe siigwira ndi munthu wotumizidwa kawiri, mwina netiweki inavuta mnyamata nkutumizanso, ameneyo amalandira nambala yakeyake ndipo amaoneka ngati mlimi wina. Mumamudziwa chifukwa `MAX` imapitirira, 61 mmalo mwa 60, ndipo tebulo likatha `Remove Duplicates` pa makolamu a mayankho okha amupeza, koma amafuta nthawi yomweyo osakuonetsani, ndiye yang'anani ndi maso musanadine, makomo awiri a mudzi umodzi atha kufanana mayankho asanu onse.

Funso lachiwiri, ndi mizere iti ilibe funso koma ili ndi mawu. Filita pa C musankhe `(Blanks)`, pa B muchotse chongi pa `(Blanks)`. Apa mutuluka "zinaononga munda wonse" uja. Mizere yotere ndi mayankho omwe wolemba anadina Enter pakati, ndipo mukaisiya isowa mu tebulo mwakachetechete chifukwa ilibe kiyi. Kopani mawuwo mukawaphatikize kumapeto kwa mzere wapamwamba pake mu kolamu A, wotsalawo muufute mawu. Mupezamonso ma "mwadzuka bwanji bwana" ndi "ndamaliza ya lero", amenewo angosiyani, salowa kulikonse. Koma mukapezamo mzere ngati "3. Matumba: 8" ndiye kuti wina anaiwala Q, muikireni.

Lachitatu, funso lililonse layankhidwa kangati. Pambali lembani `=COUNTIF(C:C,"Q3")` ndi anzake. Tinene mwapeza Q1 60, Q2 60, Q3 57, Q4 58, Q5 60, zonse 295. Nambalayi ilembeni penapake, tiifunanso.

Tebulo lenileni

Shiti yatsopano, `tebulo`. Pa A1 lembani `id`, pansi pake 1 mpaka 60. Pa B1 mpaka F1 lembani Q1 mpaka Q5. Pa B2:

```
=IFNA(INDEX(mizere!$E:$E,MATCH($A2&"_"&B$1,mizere!$F:$F,0)),"")
```

Kokerani kumanja mpaka F, kenako pansi mpaka mzere wa 61. Selo iliyonse ikupanga kiyi yake, monga `2_Q3`, nkukaifuna ku `mizere`, ikaipeza ibweretsa yankho, ikapanda kuipeza isiya popanda kanthu. Ndiye munthu wachiwiri uja pa Q3 pakhala pambalambanda ndipo mbatatesi zake zikhala pa Q4 pomwe zikuyenera. Ndaika `IFNA` osati `IFERROR` dala, kuti ngati `#VALUE!` ina inakupulumukani ionekere pano. Dziwaninso kuti `MATCH` amatenga woyamba kumupeza yekha, nchifukwa chake tinayamba takonza makiyi obwera kawiri aja.

Tsopano `=COUNTIF(B2:F61,"?*")` muike pambali. Ikuyenera kupereka 295. Ikachepa, kusiyana kwake kukhale kofanana ndi mizere yomwe funso linalembedwa koma yankho palibe, mutha kuiona ku `mizere` posefa E. Ikapanda kugwirizana musapitirire, pali chomwe chatayika. Zikagwirizana kopani tebulo lonse, mupeste mu shiti ina `zomaliza` ndi `Paste Special` kenako `Values`, ndipo mitu muisinthe ikhale mawu afupi opanda mipata: `boma`, `anthu`, `matumba`, `mbewu`, `vuto`. SPSS ndi Stata safuna mpata mu dzina la kolamu, ndibwino kuzolowera pano.

Manambala omwe si manambala

Chilichonse chomwe chadutsa mu `MID` chimatuluka ngati mawu, ngakhale 12. Muziona atatsamira kumanzere kwa selo, ndipo `SUM` ikupatsani 0. Musalembe pamwamba pa kolamu yakaleyo, pangani ina pambali, tinene `matumba_n`:

```
=IF(D2="","",IFERROR(VALUE(D2),"onani"))
```

Sefani "onani" mupeza zomwe anthu ananenadi, "matumba 12", "asanu", "ngolo ziwiri", "sindinayeze", "palibe". Izi zimafuna mutu wa munthu. Asanu ndi 5, palibe ndi 0, sindinayeze si 0 ayi, pasiyeni popanda kanthu. Kusiyanaku kumasintha yankho. Tinene alimi 55 apereka nambala ndipo matumba onse ndi 605, `AVERAGE` ipereka 11 pakhomo. Mukathira 0 pa asanu omwe sanayankhe kapena sakudziwa, 605 yemweyo agawidwa kwa 60, mupeza 10 ndi kachidutswa, mwawachotsera alimi pafupifupi thumba lathunthu la makilogalamu 50 aliyense. Za ngolo musaganizire nokha kuti ndi matumba angati, ngolo zimasiyana kukula komanso chimanga chake mwina nchosatonola, funsani amene anapita kumeneko, mugwirizane nambala imodzi ndipo muilembe.

Pali msampha umodzi womwe sutuluka pa "onani". Mlimi akati matumba asanu kapena asanu ndi limodzi, wofunsa amalemba `5-6`, ndipo `VALUE` wa Excel amaona ngati ndi deti, nkuisandutsa nambala yoposa 45000. Chimodzimodzi `1/2` wa theka la thumba. Palibe chodandaula chilichonse, kungoti avereji imalumpha kufika mazana angapo. Ndiye pa kolamu iliyonse ya manambala yesani `MAX` ndi `MIN` musanaikhulupirire. Pakhomo pa anthu 66 napo ndi chala chomwe chinadina kawiri, bwererani ku `zoyamba` mukaone, ndi ntchito yake shiti ija. Za 5-6 sankhani lamulo limodzi, kaya 5.5 kaya yaing'onoyo, bola likhale lomwelo kwa onse.

Kolamu ya boma ndi yosavuta. Dinani kamuvi ka filita muone mndandanda, mupeza Ntcheu, Ncheu, NU, Dedza, DZ, Dedza boma. Sefani gulu lililonse mulembe dzina limodzi mu kolamu yatsopano. Chimodzimodzi mafunso a inde ndi ayi, mupeza eya, ee, inde, yes, ayi, iyayi, no, zonsezo zitsale ziwiri.

Funso la mayankho angapo

Q4 ndi yomwe imasokoneza ambiri. "soya, mtedza" mu selo imodzi simungawerenge nayo kanthu, `PivotTable` iona "soya, mtedza" ndi "mtedza, soya" ngati mbewu ziwiri zosiyana. Mbewu iliyonse ikufunika kolamu yake ya 1 kapena 0. Yambani ndi kukopera kolamu ya `mbewu` pambali, tinene yakhala pa J, mu imeneyo ndi Ctrl+H sinthani ` ndi ` wokhala ndi mpata mbali zonse ziwiri akhale `,` komanso `/` ndi `&` chimodzimodzi. Mipatayo ndiyofunika, popanda iyo nandolo apulumuka koma mawu aliwonse okhala ndi zilembo za ndi mkati adukaduka. Konzaninso kalembedwe, ntedza ndi mteza zikhale mtedza, kachewere ndi mbatatesi musankhe dzina limodzi. Kenako pa K1 kupita kumanja lembani `soya`, `mtedza`, `nyemba`, `mbatata`, `mbatatesi`, ndipo pa K2:

```
=IF($J2="","",IF(ISNUMBER(SEARCH(","&K$1&",",","&SUBSTITUTE($J2," ","")&",")),1,0))
```

Ikuoneka yaitali chifukwa cha timakoma tomwe tazungulira dzina la mbewu, ndipo tili ndi chifukwa chake. Mukangofufuza mawu okha, tinene mbewu ina wofunsa analemba "mbatata ya kachewere", kolamu ya `mbatata` ipatsidwa 1 pamene munthuyo sanalime mbatata ya kholowa nkomwe, ndipo wofupikitsa mutu kukhala `mbatat` akolola onse a mbatatesi. Tikazinga ndi timakoma, dzina liyenera kufanana lonse kuyambira poyamba mpaka pothera. Ubwino wina nwoti cholembedwa mwachilendo sichilowa mu kolamu yolakwika, chimangotsala kunja, ndiye muyenera kuchisaka. Phatikizani ma 1 a mzere uliwonse ndi `=SUM(K2:O2)`, muyerekeze ndi mbewu zomwe zili pa J. Munthu watchula zitatu koma ma 1 ndi awiri, pali mbewu yomwe ilibe kolamu kapena yalembedwa mwina, mwina nandolo kapena mpendadzuwa omwe simunawaganizire. Amene sanayankhe Q4 akhala opanda kanthu mmakolamu onse, osati 0, ndiye peresenti ya olima soya muigawe kwa 58 osati 60. Ndipo maperesenti a mbewu zonse akapitirira 100 musadabwe, munthu mmodzi akuwerengedwa pa mbewu zingapo.

Q5 ya vuto lalikulu ndi mawu a munthu, isiyeni momwe ilili. Mukafuna kuiwerengera, werengani mayankho onse 60 kaye musanapange magulu, kenako muchite ngati Q4, kolamu ya fetereza, ya mvula, ya mbozi, koma ma 1 muike ndi manja chifukwa "feteleza wadula" ndi "makuponi sitinalandire" fomula siingadziwe kuti ndi nkhani imodzi.

Kusunga

Onjezerani shiti imodzi, `malamulo`, mulembe dzina la kolamu iliyonse, funso lonse momwe linafunsidwira, ndi ziganizo zomwe mwapanga, ngolo mwaitenga ngati matumba angati, 5-6 mwachita nayo chani, munthu wa 24 boma lake anakuuzani ndani. Pakatha mwezi inu nomwe simudzakumbuka. Mu `zomaliza` musakhale maselo ophatikiza, mzere wa mitu ukhale umodzi, ndipo pansi musaikepo mzere wa zonse pamodzi chifukwa pulogalamu ina idzauyesa mlimi wa 61 wokolola matumba 605. Ngati munali mayina ndi manambala a foni, achotseni mu fayilo yomwe mukugawana ndi ena, `id` ikwanira.

Sungani fayilo yonse ngati `.xlsx`. Yopita ku SPSS, Stata kapena R, kopani makolamu oyeretsedwa okha mu shiti yakeyake ngati `Values`, muisunge ngati `CSV UTF-8`, osati `CSV` wamba, apo ayi chilembo cha ŵ chomwe foni zina zimalemba chidzasokonekera. CSV imasunga shiti yokhayo yomwe mwaitsegula, ndiye onetsetsani kuti muli pa yoyenera musanadine `Save`.